Manambala Atatu Oyenera Kufufuza pa Chithunzi cha Sitetimenti Yanu

Uthenga wa azakhali anga unafika pa WhatsApp usiku, anthu atagona. Munali chithunzi cha pepala lodzaza manambala, chojambulidwa chopendekeka pamphasa, ndipo pansi pake analembapo kuti: “Mwanangu, taona izi. Ndaphatikiza ndalama zonse zimene zalowa chaka chathachi, zapitirira K1 miliyoni. Kodi a msonkho akandifunsa ndidzati chiyani?”

Azakhaliwa ndi mphunzitsi wopuma, amakhala ku Zomba. Atalandira ndalama zawo zopumira pantchito sanazidye zonse. Zina anagula masheya a kampani ina ya pa Malawi Stock Exchange, zina anaika kubanki kuti zizibereka, zina anabwereketsa boma. Kampani imene imawasamalira chumachi imawatumizira sitetimenti, ndiye kuti pepala losonyeza zonse zimene zachitika pa akaunti yawo. Pepala limenelo ndi lomwe anajambula.

M’mawa mwake tinakhala pafoni pafupifupi maola awiri, iwo ali ndi pepala m’manja, ine ndili ndi chithunzi. Pomaliza tinapeza kuti phindu lawo lenileni la chaka cha msonkho chimenecho linali K319,835.62, osati miliyoni, ndiponso kuti pa ndalama imeneyo anali atadulidwa kale msonkho wokwana K57,967.12 iwo osadziwa. Iwo anavomera kuti ndilembe mmene tinapezera manambalawa, chifukwa anthu ambiri amene ayamba kugula masheya zaka zino ali ndi zithunzi zotere m’mafoni mwawo, ndipo amaziwerenga monga anawerengera azakhali.

Mfundo yake ndi imodzi: ndalama imene yalowa mu akaunti si ndiyo phindu lanu. Mzere uliwonse wa phindu uli ndi manambala atatu. Pali ndalama yonse imene munapata, pali msonkho umene anadula, ndiye pali yotsala imene inakufikani. Ntchito yochotsa manambala pachithunzi imatha pokhapokha atatuwa apezeka ndipo agwirizana.

Yambani ndi chithunzi chenichenicho

Chithunzi cha azakhali sichinali choti n’kuchidalira. Anajambula usiku ndi kuwala kwa foni, choncho pakati pa pepala panali chigamba choyera chimene chinameza manambala awiri. Komanso WhatsApp imachepetsa ukulu wa chithunzi pochitumiza kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo choyamba kuwonongeka ndi tizilembo ting’onoting’ono: 3 amaoneka ngati 8, 1 ngati 7, kadontho kolekanitsa makwacha ndi matambala kamafufutika.

Ndinawapempha kuti ajambulenso kutacha, pakhonde pomwe pali kuwala kwa dzuwa koma popanda dzuwa kuomba papepalapo. Pepala ligone patebulo, foni ikhale pamwamba pake molunjika, ngodya zonse zinayi zioneke. Potumiza asankhe `Document` m’malo mwa `Gallery`, chifukwa njira imeneyo imasiya chithunzi mmene chilili. Amene angathe apemphe kampani kuti iwatumizire sitetimenti ya PDF pa imelo. Manambala a mu PDF yochokera kukampani amakopeka osasintha, pamene a pachithunzi amafuna kuti munthu kapena foni iwaganizire.

Chithunzi chachiwiri chitabwera ndinaona pansi pa pepala mawu akuti `Page 1 of 2`. Tsamba lachiwiri linali likadali mu envulopu. Ichi ndi chinthu choyamba kuyang’ana musanalembe nambala iliyonse: masamba alipo angati, ndipo muli nawo onse? Kenako yang’anani pamwamba. Dzina ndi lanu kodi, kapena ndi akaunti ya anthu awiri? Ndalama zake ndi `MWK` kapena ndi zakunja? Ndipo sitetimentiyo ikuyambira liti kulekeza liti? Ya azakhali inali ya kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Disembala 2024. Masiku amenewa tidzawabwerera, chifukwa ali ndi msampha wawowawo.

Mizere ya phindu ndi mizere ina

Sitetimenti imalemba chilichonse chochitika pa akaunti: ndalama zimene mwaika, zimene mwatapa, masheya amene mwagula, mtengo wa masheyawo lero, ndi zimene kampani yadula pokugwirirani ntchito. Pa zonsezi, m’kaundula wanu wa msonkho mukufuna mitundu iwiri yokha.

Woyamba ndi chiwongoladzanja, ndalama imene amakupatsani chifukwa mwabwereketsa ndalama zanu kubanki kapena kuboma. Papepala chimalembedwa `Interest`, `Int` kapena `Coupon`. Wachiwiri ndi dividendi, gawo la phindu la kampani limene imagawira eni masheya, ndipo amalemba `Dividend` kapena `Div`. Pambali pa mizere imeneyi fufuzani mawu atatu: `Gross` ndi ndalama yonse msonkho usanadulidwe, `WHT` ndi msonkho umene adula asanakupatseni, `Net` ndi yotsala.

Mitundu iwiriyi isasakanizidwe, chifukwa msonkho wake ndi wosiyana. M’chaka cha 2024, monga zinalili kwa zaka zambiri, dividendi inkadulidwa K10 pa K100 iliyonse, pamene chiwongoladzanja chinkadulidwa K20 pa K100 iliyonse. Mlingo umenewu Nyumba ya Malamulo itha kuusintha pokambirana bajeti, choncho pa chaka chimene mukuwerenga tsimikizani ndi a Malawi Revenue Authority. Kusiyana kwina n’kwakuti msonkho wa pa dividendi umatengedwa ngati wotsiriza, nkhani imathera pomwepo, pamene wa pa chiwongoladzanja nthawi zambiri umawerengedwa ngati wolipiriratu, umene udzachotsedwe pa msonkho wonse wa munthu akamapereka lipoti la chaka. N’chifukwa chake munthu wosalemba `WHT` wa pa chiwongoladzanja amataya umboni wa ndalama imene walipira kale.

Pali mzere umodzi umene unawasangalatsa kwambiri azakhali: `Market Value`, mtengo wa masheya awo pa tsiku lotseka sitetimenti. Unali utakwera kwambiri poyerekeza ndi mmene anagulira. Koma kukwera kwa mtengo si dividendi ndipo si chiwongoladzanja. Kuli ngati mbuzi ya m’khola imene yanenepa: mtengo wake wakula, koma simunagulitse, ndipo m’thumba mulibe kanthu. Mukadzagulitsa masheya, imeneyo ndi nkhani ina yokhala ndi malamulo ake, ndipo iyenera tsamba lake. Pa ntchito ya lero mzerewu timangoudumpha.

Dividendi: chulukitsani nokha

Patsamba loyamba panali mzere wa pa 26 Julayi 2024 wolembedwa `Final Div`, ndipo kumapeto kwake kunali K54,000. Iyi ndi imene azakhali analemba ngati phindu. Koma sitetimenti inangoonetsa yotsala, sinaonetse yonse.

Njira yotsimikizira dividendi ndi yapafupi, chifukwa kampani imalengeza poyera ndalama imene ikupereka pa sheya imodzi. Zilengezo zimenezi zimatuluka m’nyuzipepala ndi patsamba la Malawi Stock Exchange. Azakhali ali ndi masheya 40,000, ndipo kampani yawo inalengeza K1.50 pa sheya. Mukachulukitsa 40,000 ndi K1.50 mupeza K60,000. Msonkho wa K10 pa K100 iliyonse ndi K6,000. Mukachotsa K6,000 pa K60,000 patsala K54,000, yofanana ndendende ndi ya pachithunzi. Manambala atatu apezeka, ndipo agwirizana.

Chenjerani ndi matambala. Makampani ena amalengeza dividendi m’matambala, moti 150t ndi K1.50, osati K150. Munthu wowerenga mothamanga amapeza phindu lochuluka kuwirikiza 100.

Nanga ngati chilengezo cha kampani simukuchipeza, mwangokhala ndi yotsala? Mutha kubwerera chammbuyo, koma apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Azakhali anati, “Basi tingowonjezera K10 pa K100 iliyonse pa K54,000.” Kutero kumapereka K59,400, yoperewera ndi K600. Chifukwa chake n’chakuti msonkho unadulidwa pa ndalama yonse, osati pa yotsala. Yotsalayo ndi magawo 90 a magawo 100, choncho muyenera kugawa:

```
54000 / 0.9 = 60000
47868.50 / 0.8 = 59835.625
```

Mzere woyamba ndi wa dividendi. Wachiwiri ndi wa chiwongoladzanja, pomwe yotsala ndi magawo 80 a magawo 100. Nambala yopezeka motere ilembeni ndi pensulo kufikira mutaona chikalata chochokera kukampani.

Mawu akuti `Final` ndi `Interim` asakusokonezeni. Makampani ambiri amagawa phindu kawiri kapena katatu pachaka: kagawo ka pakati pa chaka, ndiye `Interim`, kenako kotsiriza kamene eni masheya amavomereza pamsonkhano wawo waukulu wa pachaka, ndiye `Final`. Dividendi ya azakhali ya mu Julayi 2024 inachokera pa phindu limene kampani inapanga mu 2023. Izi sizikutanthauza kuti muilembe mu 2023. M’kaundula wanu tsiku lofunika ndi limene ndalama inaperekedwa ndi kudulidwa msonkho, `Payment Date`. Masiku ena a pachilengezo, monga lotseka kaundula wa eni masheya, amangothandiza kudziwa ngati munali woyenera kulandira ndiponso pa masheya angati. Ngati munagula masheya ena kaundula atatsekedwa kale, amenewo salandira ulendo umenewo, ndipo kuchulukitsa kwanu kudzapitirira zimene zili pasitetimenti.

Chiwongoladzanja chimene simunachigwire m’manja

Mzere wachiwiri unali wa ndalama zimene azakhali anaika kubanki kwa nthawi yoikika, zomwe ambiri timangoti fikisidi. Anaika K2,000,000 pa 16 Febuluwale 2024 kwa masiku 91, pa chiwongoladzanja cha K12 pa K100 iliyonse. Mlingo wolembedwa pasitetimenti ndi wa chaka chathunthu, ngakhale ndalama zitakhala miyezi itatu yokha. Choncho kawerengedwe kake ndi aka:

```
2000000 * 0.12 * 91 / 365 = 59835.62
```

Msonkho wa K20 pa K100 iliyonse ndi K11,967.12, ndipo yotsala ndi K47,868.50. Tsiku lokhwima linali 17 Meyi 2024.

Apa ndi pomwe foni inatinamiza. Mafoni ambiri masiku ano amatha kuwerenga zilembo za pachithunzi n’kuzisandutsa mawu okopeka. Ambiri amagwiritsa ntchito Google Lens. Ndinayesa njirayi kuti ndisalembe pamanja, ndipo pa msonkho inandipatsa 17,967.12 m’malo mwa 11,967.12. Pepala linali ndi mkwinya pamalo amenewo, 1 anaoneka ngati 7. Ndikanangokopa n’kupitirira, kaundula wa azakhali akanasonyeza msonkho wopitirira ndi K6,000, ndalama imene sanalipire.

Chinaulula cholakwikacho ndi kuchotsera basi. K59,835.62 kuchotsapo K17,967.12 kumapereka K41,868.50, pamene pachithunzi yotsala inali K47,868.50. Manambala atatu anakana kugwirizana, ndiye ndinakulitsa chithunzi ndi zala n’kufunsa azakhali kuti awerenge papepala lenileni. Foni imathandiza kukopa msanga, koma sidziwa kuti yalakwitsa. Imasokoneza 0 ndi chilembo O, 5 ndi 6, koma ndi kadontho. Imataya mabulaketi kapena kamzere kosonyeza kuti ndalama yachotsedwa. Chithunzi chikapendekeka, imatenga nambala ya mzere wapamwamba n’kuiika pa mzere wapansi. Zonsezi zimagwidwa ndi funso limodzi lomwelo: yonse kuchotsapo msonkho, kodi ikupereka yotsala?

Nthawi zina manambala onse amakhala owerengedwa bwino koma osagwirizanabe. Zikatero fufuzani nambala yachinayi, ndalama imene kampani yadula pa ntchito yake, yolembedwa `Fee` kapena `Charges`. Imeneyo si msonkho. Ilembeni payokha, musaiphatikize ndi `WHT`. Kusiyana kwa tambala imodzi kapena ziwiri kusakudetseni nkhawa, kumabwera chifukwa chozungulitsa manambala.

Chinanso pa fikisidi: azakhali sanaitape K47,868.50 imeneyo. Inawonjezedwa pa mpamba n’kuikidwanso, ndipo sitetimenti inalemba `Rollover` ya K2,047,868.50. Anthu ena amaganiza kuti popeza ndalama sanaigwire, sanapate kanthu. Ayi, inaperekedwa, inadulidwa msonkho, kenako inaikidwanso m’dzina lanu. Iyenera kulembedwa. Chimodzimodzi ndi omwe ali ndi ndalama m’thumba la anthu ambiri losamalidwa ndi kampani, kumene phindu limagulira mayunitsi ena: mzere wa `Reinvested` ndi phindu ndithu.

Kumbali ina, pansi pa tsamba panali mzere wa `Accrued Interest`. Chimenecho ndi chiwongoladzanja chimene chikusonkhana koma sichinaperekedwe, ngati chimanga chimene chikadali m’munda. Mukachilemba lero, mudzachilembanso chikadzakhwima pasitetimenti yotsatira, ndipo mudzakhala mwawerenga kawiri. Munthu wamba wosunga kaundula wake adikire tsiku limene chaperekedwa.

Ndalama yaikulu imene inawopseza azakhali

Patsamba lachiwiri ndi pomwe panali gwero la mantha: K960,000 yolowa mu Okutobala 2024, yolembedwa `T-Bill Maturity`. Iyi ndi ngongole imene boma limabwereka kudzera ku Reserve Bank of Malawi, ya masiku 91, 182 kapena 364. Kagwiridwe kake n’kosiyana ndi fikisidi. Boma silinena kuti lidzawonjezera chakuti pa ndalama yanu. Limakugulitsani chikalata pamtengo wotsika, n’kulonjeza kudzakupatsani mtengo wathunthu chikakhwima. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo ndiye chiwongoladzanja chanu.

Azakhali anagula chikalata cha K1,000,000 cha masiku 364 pamtengo wa K800,000. Phindu lawo ndi K200,000. Msonkho wa pa phindulo ndi K40,000. Choncho analandira K1,000,000 kuchotsapo K40,000, yomwe ndi K960,000. Mkati mwa ndalama imeneyi, K800,000 ndi mpamba wawo womwe wangobwerera kwa mwini wake. Mpamba si phindu, ndipo sulowa m’kaundula wa msonkho ngati ndalama yopata.

Vuto n’lakuti mtengo wogulira sunali pachithunzi. Anagula mu Okutobala 2023, ndiye nambala ya K800,000 inali pasitetimenti ya chaka chinacho. Azakhali anakafukula m’sutukesi momwe amasunga makalata n’kuipeza. Apa ndiye malire a chithunzi chimodzi: chimangonena za nyengo yake. Pa chikalata chilichonse chimene chinagulidwa chaka china n’kukhwima chaka chinzake, mufunika masitetimenti awiri. Ngati lakale latayika, msonkho ungakulozereni njira, pakuti K40,000 kugawa ndi 0.2 kumapereka K200,000, koma umboni weniweni mukaupemphe kukampani.

Chaka cha kalendala si chaka cha msonkho

Tsopano tibwerere ku masiku aja. Sitetimenti ya azakhali inatsata kalendala, Januwale mpaka Disembala. Koma kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma ku Malawi chimayamba pa 1 Epulo n’kutha pa 31 Malichi. Kale chinkayamba pa 1 Julayi. Ndiye kuti pepala limodzi la azakhali linali ndi zidutswa za zaka ziwiri.

Pamwamba penipeni panali mzere wa pa 22 Malichi 2024, `Interim Div` ya K18,000. Kampani inalengeza 50t pa sheya, choncho yonse inali K20,000, msonkho K2,000. Manambala ake anagwirizana bwinobwino, koma mzerewu ndi wa chaka chimene chinatha pa 31 Malichi 2024, osati chimene tinkawerenga. Tinaulemba patsamba la chaka chake. Momwemonso, kuti chaka cha 2024/25 chikwanire, azakhali anayenera kudikira sitetimenti yosonyeza Januwale mpaka Malichi 2025. Itabwera sinasonyeze phindu lina loperekedwa, chifukwa fikisidi ija anaiikanso kwa chaka chathunthu.

Samalaninso ndi kalembedwe ka tsiku. Kuno timayamba ndi tsiku kenako mwezi, moti 03/04 ndi 3 Epulo. Ku America amayamba ndi mwezi, ndipo 03/04 yomweyo ndi 4 Malichi. Masiku awiriwa ali m’zaka ziwiri zosiyana za msonkho. Abale athu okhala kunja adziwenso kuti dziko lililonse lili ndi chaka chake: ku South Africa chaka cha msonkho cha munthu chimayamba pa 1 Malichi, ku Britain pa 6 Epulo. Amene amakhala kumeneko koma ali ndi masheya kuno kumudzi ayenera kudula sitetimenti yomweyo motsata chaka cha dziko limene akupereka lipoti. N’chifukwa chake tsiku la mzere uliwonse liyenera kulembedwa lathunthu, mwezi m’mawu osati m’manambala.

Kaundula amene tinapanga

Azakhali sagwiritsa ntchito kompyuta, choncho tinatenga kope la masamu n’kujambula mizere. Mzere uliwonse wa phindu unapatsidwa malo asanu ndi awiri: tsiku loperekedwa, amene wapereka, mtundu wa phindu, yonse, msonkho, yotsala, ndi tsamba la sitetimenti pomwe nambalayo yachokera. Malo otsirizawa amaoneka ngati achabe, koma patapita zaka ziwiri simudzakumbukira kuti K200,000 munaitenga kuti.

Amene amagwiritsa ntchito Excel angaike yonse mu D, msonkho mu E, yotsala mu F, kenako m’malo otsatira alembe izi:

```
=D2-E2-F2
=ROUND(E2/D2,3)
```

Yoyamba iyenera kupereka 0. Yachiwiri iyenera kupereka 0.1 pa dividendi kapena 0.2 pa chiwongoladzanja, malinga ndi mlingo wa chaka chimenecho. Ikapereka china, bwererani kuchithunzi.

Pa chaka cha 2024/25 kaundula wa azakhali anatha motere. Chiwongoladzanja chonse, cha fikisidi ndi cha chikalata cha boma, chinakwana K259,835.62, msonkho wake K51,967.12, yotsala K207,868.50. Dividendi inali K60,000, msonkho wake K6,000, yotsala K54,000. Zonse pamodzi ndi K319,835.62 ija, ndi msonkho wa K57,967.12. Iwo poyamba anaphatikiza K18,000, K47,868.50, K54,000 ndi K960,000 n’kupeza K1,079,868.50. M’nambala imeneyo munali mpamba wawo womwe, munali dividendi ya chaka china, ndipo munalibe msonkho umene analipira.

Chithunzi si umboni wotsiriza

Titamaliza, azakhali anati, “Ndiye basi, mwanangu, ndafufuta nkhawa.” Ndinawauza kuti patsala sitepe imodzi. Sitetimenti imasonyeza kuti msonkho unadulidwa, koma umboni umene a msonkho amaufuna ndi satifiketi ya msonkho wodulidwa, imene banki kapena kampani yodulayo iyenera kupereka. Pa dividendi, ofesi yosunga kaundula wa eni masheya a kampaniyo imapereka chikalata chosonyeza masheya anu, ndalama ya pa sheya imodzi ndi msonkho. Zikalata zimenezi zipempheni, muyerekeze manambala ake ndi a m’kope lanu, ndipo muonetsetse kuti dzina ndi TPIN yanu zalembedwa molondola. Zikasiyana ndi sitetimenti, funsani kampaniyo mwa kalata kapena imelo kuti yankho lake likhale lolembedwa. Safunsa anadya phula.

Chithunzicho chisungeni mosamala ngati ndalama. Pali dzina lanu, keyala, nambala ya akaunti ndi kuchuluka kwa chuma chanu, zomwe akuba a pafoni amafuna kuti akuimbireni ngati ogwira ntchito kubanki. Musachiponye pagulu la WhatsApp kufunsa thandizo. Ngati mukutumiza kwa wina kuti akuthandizeni kuwerenga, phimbani nambala ya akaunti ndi kapepala musanajambule. Chipatseni dzina loti mudzachipeze, lokhala ndi chaka ndi tsamba, ndipo musunge kope lina kunja kwa foni, chifukwa foni imatayika. Pepala lenileni libwerere mu envulopu yake.

Ngati nanunso muli ndi chithunzi chotere m’foni, chitsekuleni lero. Werengani masamba ake, lembani mzere pansi pa 31 Malichi, dumphani mpamba ndi mtengo wa masheya, ndipo pa mzere uliwonse wa chiwongoladzanja kapena dividendi fufuzani yonse, msonkho ndi yotsala. Musalembe m’kaundula nambala iliyonse kufikira atatuwa atagwirizana.